Mayina 60, mbale 80: masamu a azakhali pa phwando la tsiku lobadwa

Mtsikana wina wa ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre, amene wangotha zaka ziwiri pantchito, anaganiza zowakonzera mayi ake phwando pamene amakwanitsa zaka 60. Tsiku lawo lobadwa limagwa mu Okutobala, sabata yomweyo ya Tsiku la Anakubala la pa 15, ndiye iye anati aphatikize zonse, likhale phwando limodzi loti anthu akasimbe. Anali ndi mayina 60 pafoni, chithunzi cha holo yovekedwa nsalu zagolide chimene anachiona pa WhatsApp, komanso K1,200,000 imene ankaikhulupirira kuti ikwana mpaka kutsalako. Mwamwayi, asanatumize dipoziti kwa aliyense, anakwera minibasi ya ku Bangwe kukaonana ndi azakhali ake.

Azakhaliwo aphikira maukwati, zinkhoswe ndi maliro kwa zaka zoposa 30. Ali ndi kope lakale lothimbirira ndi utsi, ndipo tsamba lililonse lili ndi phwando lake. Chodabwitsa m'kopemo n'chakuti mitengo yonse ndi yofufutafufuta. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, anafufuta. Itatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anafufutanso. Koma milingo, monga kuchuluka kwa anthu amene amakhuta ndi kilogalamu imodzi ya mpunga kapena nthuli zimene zimatuluka m'nkhuku imodzi, ili momwe anailembera kalekale. N'chifukwa chake iwo sayambira pa ndalama. Amayamba awerenga pakamwa, kenako n'kupeza mlingo wa chinthu chilichonse, ndipo mtengo umabwera pomaliza, wa sabata yomweyo, wofunsidwa pamsika ndi pakamwa pa mwini phwando. Mitengo imene ili m'nkhani ino ndi yongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino. Wokonza phwando lake aike ya kumsika wa kwawo.

Atamva za mayina 60 aja, azakhali anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Mwananga, mayina sadya nsima. Amadya ndi anthu. Tandiwerengera, pa anthu amenewa ndi angati ali ndi ana oti sangawasiye kunyumba?"

Anayamba kuwerenga dzina ndi dzina, ndipo anapeza ana 14. Kenako anawerenga anthu amene sanaitanidwe koma adzagwira ntchito tsikulo: ophika anayi, dijeyi ndi mnyamata womunyamulira zimasipika, ndi wojambula zithunzi, onse pamodzi 7. Anthu amenewa ambiri amawaiwala, chonsecho amafika m'mawa kwambiri ndipo njala yawo ndi ya munthu wogwira ntchito. Pomaliza panali anthu amene azakhali amawatcha "ongodutsa": mnansi amene sungamutsekere geti, msuweni amene wamva mphekesera, mayi wa kutchalitchi amene waperekeza mnzake. Mlamu wawo, mayi ake a mtsikanayo, ndi mayi wa Mvano, ndipo amene anakhalapo pakati pa amayi a Mvano amadziwa kuti sayenda okha. Anaika 6. Mtsikanayo anati mwina ena oitanidwa sabwera, ndiye malo awo adzakhala a ongodutsawo. Azakhali anakana kuchotserapo ngakhale mmodzi. Pa phwando la ku hotela la pakati pa sabata anthu amalepheradi, koma phwando la pakhomo, la Loweruka masana, la mayi wodziwika m'dera, amene amalephera ndi wodwala yekha.

Apa ndiye panatuluka manambala awiri osiyana, ndipo kusiyana kwake n'kofunika. Mitu ya anthu inali 87. Mbale zinali 80, chifukwa mwana amadya theka la mbale ya wamkulu, choncho ana 14 ndi mbale 7. Koma mwana yemweyo chakumwa amamaliza kapu yonse n'kupemphanso ina, ndipo mpando amakhala wathunthu. Ndiye chakudya chimawerengedwa pa mbale 80, pamene zakumwa ndi mipando zimawerengedwa pa mitu 87.

Pa chakudya m'pamene azakhali anakhalitsa, poti m'pamene pamapita ndalama zambiri komanso m'pamene manyazi amachokera. Mlingo wawo wa mpunga ndi kilogalamu imodzi ya wosaphika kwa anthu 8. Mabuku ena ophikira amati kilogalamu imakwana anthu 10, koma iwo amati mlingo umenewo ndi wa anthu amene adyako kale kwawo. Mbale 80 zinafuna makilogalamu 10. Anasankha Kilombero wa ku Karonga chifukwa cha fungo lake, ndipo pa K4,500 kilogalamu anakwana K45,000. Anamuchenjezanso mtsikanayo kuti pamsika ena amasakaniza Kilombero ndi mpunga wina wotchipa, ndiye atape pang'ono m'manja, aununkhize, aone ngati njere zake zili zofanana ndiponso ngati zosweka sizinachuluke. Anawonjezapo ufa wa K10,000 woti aphikire nsima akuluakulu amene akadya mpunga amati sanadye.

Nkhuku yoyera yapakatikati imatulutsa nthuli 8 zoti n'kupatsa mlendo osachita manyazi. Ophika ena amaidula mpaka 12, koma zimenezo zimaonekera m'mbale, mlendo n'kumatembenuza kafupa kufunafuna mnofu. Khosi, zipalapasiro ndi zam'kati siziwerengedwa pa nthuli 8 zija. Zimenezo ndi za msuzi ndi za ophika, kupatula nthutumba imene mwamwambo imapita kwa mwini tsiku. Choncho panafunika nkhuku 10, ndipo pa K14,000 iliyonse zinakwana K140,000. Nyama ya ng'ombe imanyenga maso, chifukwa pa sikelo imalemera ndi mafupa ndi madzi, koma ikapsa imafota pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ikakhala ndiwo yokhayo, kilogalamu imakwana anthu 5 kapena 6. Ikakhala yothandizana ndi nkhuku imafika anthu 8. Makilogalamu 10 pa K13,000 anakwana K130,000.

Zotsalazo anazidutsa mofulumira. Mbatatesi ya ku Dedza kapena ku Ntcheu, makilogalamu 16, K35,000. Kabichi, karoti, tomato, anyezi ndi masamba, zimene anati akagule ku Bvumbwe kapena m'mawa kwambiri ku msika wa Limbe mavenda asanapikule, K50,000. Mafuta ophikira malita 5, K35,000. Mchere, zokometsera ndi mayonezi, K25,000. Nkhuni ndi makala, K50,000. Chithokozo cha ophika, K60,000. Mbale, masipuni ndi mapoto aakulu obwereka, K40,000. Chakudya chonse chinafika K620,000, kutanthauza K7,750 pa mbale imodzi.

Mtsikanayo anatulutsa foni n'kuonetsa uthenga wa mayi wina wochita bizinesi yophikira maphwando, amene anamutchulira K12,000 pa mbale. Pa mbale 80 imeneyo ndi K960,000, kusiyana kwa K340,000. Azakhali sananyoze mtengowo. Anati ndalama yowonjezerayo imagula tulo: wophikayo amabwera ndi ziwiya zake, anthu ake ogawa chakudya, ndipo mbale zakuda amanyamula yekha. Kwa munthu amene alibe abale odziwa kuphikira gulu, kulipira n'kwanzeru kuposa kupsereza mpunga wa makilogalamu 10. Chofunika n'kufunsa mafunso atatu ndalama isanatuluke. Kodi mbaleyo ili ndi nyama zingati ndipo nthuli zake n'zazikulu bwanji? Kodi ana akulipiridwa mtengo wathunthu? Nanga anthu akapitirira nambala imene mwagwirizana, mbale yowonjezera idzakhala ndalama zingati? Ku malo ogona alendo ndi ku mahotela pali funso lachinayi, loti mtengowo waphatikiza kale msonkho kapena ayi, poti ambiri amadzidzimuka nawo pa tsiku lolipira.

Pali chinthu china chimene kope silingalembe koma chimagwetsa masamu onsewa. Milingo ya azakhali imagwira ntchito pokhapokha pakhale munthu wogawa. Anthu akamadzigawira okha, 30 oyambirira amatenga nthuli ziwiriziwiri, ndipo 30 omaliza amapeza msuzi ndi kabichi. Omalizawo nthawi zambiri amakhala abale enieni, amene anali kalikiliki kulandira alendo. Mpunga ndi saladi anthu angathe kudzigawira, koma pa poto wa nyama pamafunika mayi wa nkhope yolimba, wodziwa kumwetulira uku akuika nthuli imodzi.

"Ndipo ameneyo ndidzakhala ine," anatero azakhali.

Zakumwa zinayamba ndi funso limene liyenera kuyankhidwa tsiku loyamba: mowa udzakhalapo? Pa phwando la mayi wa Mvano yankho linali lachidule. Koma azakhali anamuwerengera mtsikanayo kuti adziwe za m'tsogolo. Amuna 30, aliyense mabotolo anayi, ndi mabotolo 120, amene ndi makireti 6 a mabotolo 20. Ndipo womwa mowa sasiyira pa anayi ngati mowawo ndi waulere. Mowa wokha ungathe kupikisana ndi mtengo wa nyama yonse, n'chifukwa chake mabanja ambiri masiku ano amangogula makireti owerengeka n'kunena poyera kuti wofuna kupitiriza abwere ndi wake.

Pa zoziziritsa kukhosi, mu Okutobala munthu wamkulu amamwa mabotolo awiri mosavuta, chifukwa ndi mwezi wa dzuwa loswa mtengo. Akuluakulu anali 73, ndiye mabotolo awiriawiri akanakhala 146. Koma zakumwa sizigulidwa motero. Zimagulidwa pa kireti, ndipo 146 imakukakamiza kugula makireti 8. Azakhali anali ndi njira ina. Thobwa la ndowa ya malita 20 limatulutsa makapu opitirira 60, ndipo anthu a msinkhu wa mlamu wawo amalikonda kuposa Fanta, makamaka likakhala lozizira bwino ndiponso la chimera chokwanira. Thobwa likakhalapo, makireti 5 amakwana, aliyense botolo limodzi n'kutsala ena oposa 20 a ofuna kubwereza. Pa K16,000 kireti, imeneyo ndi K80,000. Thobwalo analiika pa K25,000. Ana anawaikira Sobo: botolo la malita awiri likasungunulidwa ndi madzi limadzaza malita pafupifupi 10, ndiye mabotolo awiri a K18,000 anali okwana mpaka kutsala. Madzi akumwa ndi madzi oundana oziziritsira, K27,000. Zakumwa zonse, K150,000.

Anamukumbutsanso za mabotolo opanda kanthu. Wogulitsa amafuna kuti umupatse makireti ndi mabotolo ako, apo ayi usiye chikole. Chikolecho chimabwerera, komabe pa tsiku logula chimayenera kukhala m'thumba, ndipo botolo lililonse limene mlendo wapita nalo kwawo kapena mwana waswa limadulidwa pomwepo. Mnyamata mmodzi apatsidwe ntchito yotolera mabotolo basi, asagwirenso china.

Nkhani ya malo inatenga nthawi, osati chifukwa masamu ake ndi ovuta, koma chifukwa mtima wa mtsikanayo unali pa holo ija. Anali atauzidwa K350,000. Azakhali anafunsa kuti ndalamayo ikuphatikiza chiyani, ndipo iye sanadziwe. Holo ina imabwera ndi mipando ndi matebulo, ina imangokupatsa makoma ndi denga. Ina imalola chakudya chochokera kunja, ina imafuna kuti udye cha kukhitchini kwawo pa mtengo wawo. Pafupifupi zonse zili ndi ola lotsekera, ndipo ukapitirira umalipira. Komanso miyezi yopanda mvula Loweruka lililonse limakhala la maukwati, moti holo yabwino imagwidwa miyezi ingapo tsiku lisanafike. Lamulungu masana, anthu ataweruka kutchalitchi, malo amapezeka mosavuta ndipo mwini wake amamva kunenerera.

Pakhomo pa mayi ake pali bwalo lokwanira, choncho anawerengera za pakhomo. Tenti ya anthu 100, K120,000. Mipando 90 pa K500 umodzi, K45,000. Matebulo 6, K30,000. Galimoto yobweretsa ndi kubweza katunduyo, K40,000, ndipo imeneyi ndi ndalama imene obwereketsa ambiri saitchula mpaka utafunsa. Zonse K235,000. Tenti si yokongoletsera. Mu Okutobala imateteza ku dzuwa, ndipo kuyambira Novembala mpaka Epulo imateteza ku mvula, pamene pamafunikanso ya nsalu za m'mbali. Pakhomo palinso zina zimene holo ikanasamala yokha: chimbudzi chimodzi kwa anthu 87, madzi osamba m'manja amene ayenera kutungidwa dzulo lake kuopa mipopi ingaume, ndi magetsi a ESCOM amene sadziwa kuti kwanu kuli phwando. Dijeyi ndi zida zake anatchula K80,000, mafuta a jenereta K30,000. Wojambula zithunzi, K60,000. Keke, K90,000.

Pa zokongoletsa azakhali sanachedwe. Wokongoletsa anali atatchula K300,000 kuti aveke mipando yonse nsalu ndi maliboni. Iwo anati mpando wovekedwa umaoneka kwa mphindi khumi zokha, kenako pamakhala munthu. Malo amene adzaoneke m'zithunzi zonse ndi amodzi: tebulo la mwini tsiku, pamene pali keke, ndi nsalu ya kumbuyo kwake. Pamenepo pokha ndi pofunika ndalama. Nsalu, maluwa, manambala aakulu a 60 ndi mabaluni anaziika pa K85,000. Mabaluniwo anati afufumitsidwe ola limodzi alendo asanafike ndipo amangidwe pamthunzi, chifukwa mpweya wa m'kati ukatenthedwa ndi dzuwa la Okutobala amaphulika okha, makamaka a mitundu yakuda.

Ataphatikiza zonse, chakudya, keke, zakumwa, malo, nyimbo, zithunzi ndi zokongoletsa, anapeza K1,350,000. Azakhali anawonjezapo gawo limodzi mwa magawo khumi, K135,000, ya zogwa mwadzidzidzi. Nambala yomaliza inali K1,485,000. Mtsikanayo anangoti kukamwa yasa. Inali itapitirira ndalama yake ndi K285,000, chonsecho holo ndi nsalu zagolide zinali zitachotsedwa kale.

Maganizo ake oyamba anali amene aliyense amakhala nawo. Anagawa K1,350,000 ndi mbale 80 n'kupeza pafupifupi K17,000 pa munthu, ndiye anati akachotsa anthu 17 vuto latha. Apa ndi pamene azakhali anatenga cholembera n'kujambula mzere pakati pa tsamba. Mbali imodzi analemba zinthu zimene zimakula kapena kuchepa ndi chiwerengero cha anthu: chakudya, zakumwa ndi mipando. Zimenezi zinakwana K815,000, pafupifupi K10,000 pa mlendo. Mbali inayo analemba zimene sizisamala kuti kwabwera anthu angati: tenti, matebulo, galimoto, dijeyi, jenereta, wojambula, keke ndi zokongoletsa, K535,000. Dijeyi salipiritsa mochepa chifukwa choti ovina achepa. Choncho kuchotsa anthu 17 kukanapulumutsa K170,000 yokha, mwinanso osafika, poti ophika ndi makala sizitsika kwenikweni, pamene anthu 17 okwiyawo akanakhala nawo m'dera chaka chonse.

Mzere womwewo umathandizanso wina akabwera ndi mayina owonjezera, monga zimachitikira sabata yomaliza. Mlendo aliyense wowonjezera ndi K10,000, osati K17,000, ndiye achimwene akapempha kuti anzawo asanu abwere, mtsikanayo angathe kuwauza mosazengereza kuti atumize K50,000. Koma izi zili ndi malire ake, chifukwa zinthu zina zimakwera modumpha ngati masitepe. Munthu wa nambala 101 amafuna tenti yachiwiri. Botolo la nambala 101 limafuna kireti yachisanu ndi chimodzi. Mpunga ukapitirira poto amene alipo pamafunika poto wina, moto wina ndi wophika wina. Wokonza phwando adziwe pamene sitepe yotsatira ili, n'kuima asanaiponde.

Asanayambe kudula, azakhali anafunsa funso limene mtsikanayo sankalifuna: K1,200,000 ija ili kuti? Zinapezeka kuti K700,000 inali yake, ili ku banki. K200,000 inali ya mng'ono wake, itatumizidwa kale pa Airtel Money. K300,000 inali lonjezo la achimwene awo a ku Joni.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero azakhali. "Achimwene ako ndi mwana wanga, ndimawakonda, koma uwauze tsiku. Ikapanda kufika pofika pa 1 Okutobala, tichotsa nyama ya ng'ombe ndi wojambula, tiphika nkhuku ndi nyemba, keke tiphika tokha."

Pa ndalama zimene alendo amafupa mwini tsiku akamavina, iwo anakaniratu kuzilemba m'kope. Zimenezo ndi mphatso ya mayi, si zobwezera ngongole ya tenti. Anaonapo mabanja akutenga katapila podalira perekaniperekani, tsikulo n'kutolera ndalama zosakwana ngakhale kulipira dijeyi amene amaitanira anthu kutsogolo.

Kudula kwenikweni kunayambira mbali ya zinthu zosasintha ija, poti kumeneko ndalama imachoka popanda kuchotsa munthu. Kuti zonse pamodzi ndi ya mwadzidzidzi zikwane mu K1,200,000, panafunika kutsitsa K1,350,000 ija kufika pa K1,090,000. Dijeyi ndi jenereta zinachoka, K110,000 n'kupulumuka, chifukwa msuweni wina ali ndi sipika yaikulu yotchaja, ndipo alendo ambiri ndi amayi oti akayamba nyimbo zawo safuna chida chilichonse. Keke inatsika kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000, yaing'ono yoti mayi adule pa chithunzi, ndipo alendo adzalandira tizidutswa ta keke wamba yophikidwa pakhomo. Mipando anakapempha kutchalitchi n'kupereka chithokozo cha K15,000 m'malo mwa K45,000. Nyama ya ng'ombe inatsika kufika pa makilogalamu 5, ndipo nyemba za K15,000 zinalowa m'malo mwa inayo, K50,000 n'kutsala m'thumba. Pa zokongoletsa anachotsa K30,000 pogwiritsa ntchito zitenje za mayiwo, zimene asonkhanitsa pa maukwati ndi misonkhano ya zaka zambiri, ngati nsalu ya kumbuyo. Mtsikanayo poyamba anaona ngati zimenezi n'zachimidzi, koma zitenjezo zinadzakhala nkhani ya tsikulo, mayi aliyense akuloza chimene anavala nawo limodzi.

Wojambula zithunzi yekha azakhali anamuteteza. Mtsikanayo ankati mafoni alipo ambiri. Iwo anati pa phwando aliyense amajambula anzake ndi mbale yake, ndipo pamapeto pake sipapezeka chithunzi chimodzi chabwino cha mayi ali ndi ana awo onse. Wolemba nkhani ino akugwirizana nawo, ngakhale akudziwa kuti ena angasankhe dijeyi.

Zodulazo zinakwana K260,000 ndendende. Pa K1,090,000 anawonjezapo K109,000 ya mwadzidzidzi, zonse K1,199,000. Ndalama ya mwadzidzidziyo azakhali anati isakhale pa foni imodzi ndi inzake, chifukwa ikasakanikirana imatha osadziwika kumene yapita. Anaiika mu envelopu n'kuisunga okha.

Tsamba lomaliza linali la masiku ogulira. Kutatsala mwezi, dipoziti ya tenti ndi wojambula, ndipo zonse zimene agwirizana zilembedwe mu uthenga wa pafoni: tsiku, ola lofika, chiwerengero cha katundu, ndalama yotsala, ndi amene adzalipire mpando ukathyoka. Dipoziti isapitirire theka, chifukwa wobwereketsa amene walandira zonse sathamangira kufika. Nthawi yomweyo agule zosaonongeka, mpunga, mafuta, nyemba, shuga ndi Sobo, popeza mitengo ya zimenezi siyembekezera munthu. Kutatsala sabata, makireti, makala, ndi kuuza woweta nkhuku kuti asunge 10. Chimera chikhale chilipo kale, thobwa liphikidwe dzulo lake kuti lisafike tsikulo litasasa. Nyama ndi masamba, dzulo lake kapena m'mawa wa tsikulo. Nyama ya makilogalamu ambiri yogulidwa masiku atatu phwando lisanafike imadalira fuliji, fulijiyo imadalira magetsi, ndipo m'nyengo yotentha usiku umodzi wa mdima ndi wokwanira kuti ndalama yonseyo itayidwe kudzala.

Achimwene a ku Joni anatumiza ndalama yawo pa 3 Okutobala, atakumbutsidwa kawiri. Pa tsiku la phwando azakhali anawerenga anthu 93 pamzere wa chakudya. Mpunga unakwana. Nkhuku inatha kutatsala anthu asanu ndi mmodzi, amene analandira nyama ya ng'ombe ndi nyemba osadziwa kuti pachitika kanthu. Envelopu ija inatsegulidwa kanayi: kireti imodzi yowonjezera dzuwa litafika pamutu, madzi oundana ena, thumba la makala chifukwa nyemba zinachedwa kupsa, ndi mipando iwiri ya kutchalitchi imene ana anathyola akusewera. Munatsala K38,000, imene mtsikanayo anawonjezera pa chithokozo cha ophika. Madzulo ake azakhali anatsegula kope lawo, pansi pa tsamba la phwandolo n'kulemba kuti pa mayi wa Mvano ongodutsa aziwerengedwa 12, osati 6.